Chizindikiro chikasintha, si mabanala onse oyenera kutayidwa

Amene akhala pamsika nthawi yaitali akukumbukira mmene makoma a magolosale ndi timashopu togulitsa mayunitsi adasinthira mitundu kawiri m'zaka zochepa. Mu 2008 kampani ya Celtel idasanduka Zain, ndipo mu 2010 Zain idasanduka Airtel. Nthawi zonse ziwirizo maambulera, zikwangwani ndi mabanala akale zidachotsedwa, zatsopano n'kubwera. Kampani yaikulu ngati imeneyo imakhala ndi thumba lapadera la ntchito yotereyi. Wamalonda wamng'ono alibe thumba lotero. Iye akasintha chizindikiro cha bizinesi yake, chija ambiri amati logo, ndalama yosinthira mabanala imachoka pampamba womwewo wopikulira katundu.

Pamenepa ambiri amagwera mbali ziwiri. Ena amataya mabanala onse n'kukasindikizitsa atsopano, pofuna kuoneka kuti zinthu zikuyenda. Ena amangosindikizitsa limodzi latsopano, akale n'kuwasiya akulendewera mpaka adzang'ambike okha. Njira zonse ziwirizi ndi zoluzitsa. Njira yanzeru ndi kuweruza banala lililonse palokha: lomwe likadali ndi moyo liikidwe chigamba chabwino, lomwe latha lisindikizidwenso, ndipo onse asinthe sabata imodzi.

Nkhaniyi yakula chifukwa pulasitiki wa mabanala, inki ndi masitika zimachokera kunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zoitanitsa kunja zidakwera mtengo, ndipo banala lomwe munthu adasindikizitsa kale sangalipezenso pamtengo womwe adalipira nthawiyo. Banala lolimba lomwe lili m'sitolo ndi katundu, si chinyalala.

Kuyala onse pansi

Chitsanzo chikhale cha mayi wopanga chiponde, amene amagulitsa pabenchi mumsika, kuperekera m'magolosale angapo komanso kupita kuzionetsero za malonda. Mayiyu wasintha chizindikiro chake. Chakale chidali dzina lolembedwa chopingasa, chatsopano ndi chozungulira, chokhala ndi mtedza pakati. Ali ndi mabanala 10 a pulasitiki: aakulu 4 a mamita 3 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndi apakati 6 a mamita 2 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi.

Choyamba si kuthamangira kwa wosindikiza. Choyamba ndi kutolera mabanala onse, ngakhale lija lidaiwalika pagolosale ya kutali, n'kuwayala pabwalo masana. Lililonse lilembedwe nambala kumbuyo, ndipo nambalayo ilembedwenso m'kope pamodzi ndi malo omwe limapachikidwa. Popanda kope, banala limodzi limatsala, ndipo limadzaonekera tsiku la chionetsero pamene kulibe nthawi yolikonza.

Banala lililonse lifunsidwe mafunso atatu. Loyamba ndi la thupi lake. Pulasitiki wabwino amapindika mofewa. Wotha amakhala wouma, amaonetsa mizere yoyera pomwe adapindidwa, ndipo akapakidwa chala amasiya fumbi la mtundu. Mphete zomangirira zingwe zikayamba kuzuka m'makona, mphepo ya mwezi wa Ogasiti idzamaliza ntchito yotsalayo. Banala lotero chigamba sichingalipulumutse.

Funso lachiwiri ndi la mawu ena olembedwapo. Ngati nambala ya foni ndi yakale, mtengo udasintha, kapena malo ogulitsira adasamuka, ndiye kuti zigamba zichuluka. Banala la zigamba zitatu limaoneka ngati thalauza la kumunda. Funso lachitatu ndi la pomwe chizindikiro chakale chidakhala. Chikakhala pakona kapena pamwamba, pamalo a mtundu umodzi, kuchiphimba n'kosavuta. Koma chikakhala pamwamba pa chithunzi, kapena chitamwazidwa mozimiririka banala lonse kuseri kwa mawu, palibe chigamba chomwe chingachibise.

Kwa mayi wa chiponde, mafunsowa agwetsa mabanala atatu. Aakulu awiri adakhala padzuwa nthawi yaitali, adafwifwa ndipo ali ndi nambala yakale. Lapakati limodzi lili ndi chizindikiro chakale chobwerezedwa paliponse. Otsala 7, aakulu awiri ndi apakati 5, ndi olimba ndipo chizindikiro chili pakona yakumanzere.

Kuyeza chakale, osati chatsopano

Cholakwika chofala ndi kuyeza chigamba potengera chizindikiro chatsopano. Ntchito yoyamba ya chigamba ndi kubisa chakale, choncho muyezo uchokere pa chakalecho. Pa mabanala aakulu a mayiyu, chizindikiro chakale ndi masentimita 70 m'litali ndi 40 m'lifupi. Chigamba chiyenera kupitirira ndi masentimita atatu mbali zonse, kukhala 76 ndi 46. Pa apakati, chakale ndi 50 ndi 30, choncho chigamba chikhale 56 ndi 36. Masentimita owonjezerawo si obwezera. Dzanja limaphonya pomata, ndiponso sitika yotsika mtengo imafupika pang'ono ikapsa ndi dzuwa, n'kusiya mzere wa guluu womwe umakola fumbi. Chigamba chongokwanira ndendende chimadzaonetsa mchira wa chilembo chakale pakatha miyezi.

Banala lililonse liyezedwe palokha. Mabanala ofanana kukula koma osindikizidwa zaka zosiyana kawirikawiri amasiyana pomwe chizindikiro chidakhala komanso kukula kwake. Kuyeza limodzi n'kuganiza kuti onse ali choncho ndi komwe kumabweretsa zigamba zoperewera.

Tsopano pali vuto la maonekedwe. Chakale chidali chachitali chopingasa, chatsopano n'chozungulira. Wojambula waulesi amachikoka chozunguliracho kuti chidzaze malo onse, n'kusanduka ngati dzira. Ichi mwini bizinesi achikane. Chizindikiro chimakulitsidwa kapena kuchepetsedwa mbali zonse mofanana. Pachigamba cha 76 ndi 46, chozungulira cha masentimita 40 chimakwana bwino, ndipo malo otsala pambali pake akhoza kunyamula dzina la bizinesi kapena kungosiyidwa oyera.

Mtundu wa chigamba nawo umapusitsa anthu. Banala la mayiyu lidali lachikasu, ndipo maganizo oyamba ndi kusindikiza chigamba chachikasu kuti chisaoneke. Sizitheka. Chikasu chomwe chakhala panja chaka chathunthu sichifanana ndi chikasu chongotuluka m'makina, ndipo mitundu iwiri yofanana pang'ono ndi yomwe imaulula chigamba patali. Chanzeru ndi kusabisa. Chigamba chikhale choyera kapena cha mtundu wosiyana kotheratu, cha m'mphepete mowongoka, kuti wodutsa aone ngati banalalo lidapangidwa choncho kuyambira pachiyambi.

Si sitika iliyonse

Kwa wosindikiza, mwini bizinesi afunse zinthu ziwiri, ndipo asachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa adadya phula. Choyamba, sitikayo ikhale yosaonekera mkati. Pali masitika oyera kumaso koma a guluu wotuwa kumbuyo, ndipo amenewa ndi omwe amabisa zakale. Sitika yoyera mbali zonse imaoneka bwino patebulo la mushopu, koma banala likapachikidwa dzuwa n'kuwala kumbuyo kwake, chizindikiro chakale chimatulukira ngati mzukwa kuseri kwa chatsopano. Kuyesa kwake n'kosavuta: kachidutswa ka sitikayo kaikidwe pa chilembo chakuda cha banala, n'kulikweza moyang'anitsa kudzuwa.

Chachiwiri, guluu wake akhale wogwira pa pulasitiki wofewa. Pulasitiki wa mabanala amathiridwa mankhwala omufewetsa, ndipo mankhwalawa amatuluka pang'onopang'ono, makamaka kukatentha. Akalowa mu guluu wamba amamusandutsa phala, chigamba n'kuyamba kutsetsereka kapena kukwinyika. Sitika ya pagalasi la galimoto kapena pabotolo si yomweyo yoyenera pabanala. Ngati wosindikiza alibe yoyenera, njira ina ndi kusindikiza chizindikiro pa chidutswa cha pulasitiki wa banala yemweyo, n'kuchimata ndi guluu wa pulasitiki wotere kapena kuchisoketsa m'mphepete. Chimaoneka chotukuka pang'ono munthu akayandikira, koma chimalimba. Mabanala a nsalu, aja oyala patebulo, sitika sigwirapo n'komwe. Amenewo ndi ntchito ya telala.

Kamatidwe nako kali ndi dongosolo. Banala liyalidwe pamalo olimba ndi osalala, monga patebulo kapena pasimenti yosesedwa, osati lili chilendewerere. Pamalo pomatapo patsukidwe ndi madzi a sopo, paume, kenako papukutidwe ndi sipiriti pang'ono kuchotsa mafuta. Sipiritiyo ayambe wayesedwa pakona, chifukwa inki ina imasungunuka. Petulo, parafini ndi thina zisayandikire, zimadya inki ndi kusiya mafuta. Makona a chigamba adulidwe mozungulira pang'ono, popeza kona yosongoka ndi yomwe imayamba kumatuka. Pomata, munthu ayambire mbali imodzi, akuchotsa pepala lakumbuyo pang'onopang'ono ndi kusisita kuchokera pakati kupita kunja ndi khadi lolimba lokutidwa kansalu. Pomwe patsala mpweya paboolewe ndi singano n'kupsinja. Likatha, banala ligone tsiku lathunthu lisanapachikidwe, ndipo kuyambira pamenepo lizikulungidwa zolemba zili kunja, osati kupindidwa ngati chitenje.

Mabanala 7 asamatidwe tsiku limodzi. Limodzi lokha liyambe, lipachikidwe pamalo a dzuwa ndi mphepo kwa sabata. Ngati makona akadali chigonere, chakale sichikuonekera, ndipo chala sichikumata m'mphepete, otsalawo atsatire. Ngati latukuka, munthu waluza chigamba chimodzi, osati 7. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masamu ake

Mitengo imasiyana pakati pa Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'maboma, ndipo imasintha mwezi ndi mwezi. Manambala otsatirawa ndi achitsanzo chabe, aliyense aikepo mtengo womwe wauzidwa kwawo. Kusindikiza banala kukhale K20,000 pa sikweya mita, sitika yabwino K25,000 pa sikweya mita.

Mabanala onse 10 a mayi wa chiponde ndi masikweya mita 24: aakulu 4 akupanga 12, apakati 6 akupanganso 12. Kusindikizitsa onse ndi K480,000. Koma atasankha, ofunika kusindikizanso ndi atatu okha, masikweya mita 8, omwe ndi K160,000. Zigamba ziwiri zazikulu ndi zisanu zazing'ono, kuphatikizapo chimodzi chapadera choyesera, zikukwana pa masikweya mita awiri a sitika, K50,000. Womata akalipidwa K3,000 pa banala, ndi K21,000, ndipo sopo, sipiriti ndi zina zazing'ono zitenge K5,000. Zigamba zonse zadya K76,000. Pamodzi ndi mabanala atatu atsopano aja, ntchito yonse yakwana K236,000. Ndalama yotsala m'thumba ndi K244,000, yomwe kwa wopanga chiponde ndi mtedza wogula nthawi yokolola, mtengo usanakwere.

Masamuwa ali ndi malire. Chigamba chimapindulitsa chikakhala chaching'ono poyerekeza ndi banala. Pa banala la mamita 3, chigamba cha mayiyu sichikufika n'komwe gawo limodzi mwa magawo 8. Koma pa kabanala kakang'ono komwe chizindikiro chidatenga theka la malo, mtengo wa sitika ndi womata umayandikira mtengo wa katsopano. Muyezo wosavuta kukumbukira ndi uwu: chigamba chikapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a banala, kapena mtengo wake ukafika theka la mtengo wa latsopano, kuli bwino kusindikizanso.

Fayilo ndi katundu wa mwini bizinesi

Mabanala atatu osindikizanso aja amavumbula vuto lina. Ngati fayilo yomwe banala lakale lidapangidwira ilipo, yotsegula mu CorelDRAW, Illustrator kapena Photoshop, chizindikiro chimakhala chinthu chapachokha. Wojambula amangochotsa chakale, kuika chatsopano, kukonza nambala ya foni, ndipo mafayilo atatu amatha m'kanthawi kochepa. Koma ngati chomwe chidatsala ndi chithunzi cha JPG, zonse zidaphatikana kukhala chinthu chimodzi. Wojambula ayenera kufufuta chakale ndi kumanganso zomwe zidali kuseri kwake, kapena kuyambiranso banala lonse, ndipo ntchito imeneyo imalipiritsidwa.

Chizindikiro chatsopano nachonso chisapite kwa wosindikiza ngati kachithunzi ka pafoni. WhatsApp imafinya zithunzi zotumizidwa mwachizolowezi, ndipo kachithunzi kooneka bwino pafoni kakakulitsidwa kufika masentimita 40, m'mphepete mwake mumakhala manomano, zilembo n'kuoneka ngati zanyowa. Mwini bizinesi apemphe wojambula fayilo yomwe imakula osawonongeka, monga ya `.cdr`, `.ai`, `.svg` kapena PDF yotuluka mwachindunji mu pulogalamu yojambulirayo, ndipo itumizidwe ngati Document. Kuyesa kwake n'kukulitsa kwambiri pakompyuta: m'mphepete mukakhalabe mosalala, fayiloyo ndi yabwino, mukatuluka timabokosi, ndi chithunzi wamba chongoikidwa mkati.

Apa m'pamene amalonda ambiri amagona. Amalipira chizindikiro koma fayilo n'kuisiya mukompyuta ya wojambula. Wojambulayo akasamuka, kapena kompyuta ikafa, bizinesi imatsala ndi chithunzi cha pafoni. Tsiku lolipira, mafayilo onse alowe mu fulashi ya mwini bizinesi, ndipo ena adzitumizire pa imelo. Fayilo imodzi yomweyo ndiyo ipite pa zigamba, pa mabanala atsopano ndi pa mapepala a pabotolo, kuti chizindikiro chifanane paliponse.

Otsutsa ali ndi mfundo

Pali amene amati chigamba chimanyozetsa bizinesi, ndipo munthu wosintha chizindikiro ayenera kuyamba ndi zatsopano zokhazokha. Mfundoyi ili ndi choonadi pang'ono. Banala lomwe wogula amaima nalo pafupi, monga la kutsogolo kwa benchi kapena la kuchionetsero komwe kumabwera ogula zambiri, limaonedwa ndi diso lapafupi. N'chifukwa chake mabanala atatu atsopano a mayi wa chiponde ayenera kupita malo oterowo, a zigamba n'kupita pampanda, pamwamba pa khonde ndi m'mbali mwa msewu, komwe munthu amawerenga ali patali. Koma mfundoyi siyenera kulandiridwa yonse, makamaka ikachokera kwa munthu amene amalipidwa pa sikweya mita. Chomwe chimanyozetsa ndi chigamba chopindika, chomatuka kapena choonekera mkati, osati chigamba chilichonse.

Ena amati palibe chifukwa chothamangira, akale azigwirabe ntchito mpaka atathe. Awa ndi amene amaluza mosaona. Wogula akapeza botolo la chizindikiro chozungulira pansi pa banala la chizindikiro china, amayamba kukayika. Amafunsa kuti, “Amayi, kodi chiponde ichi ndi chomwe chija, kapena ndi cha anthu ena?” Wofunsayo ndi wabwino, chifukwa amayankhidwa. Ambiri safunsa, amangodutsa, poganiza kuti katunduyo ndi wachinyengo. Pamsika pomwe anthu adapsapo ndi katundu wofanizira, zizindikiro ziwiri pa bizinesi imodzi ndi mphatso kwa opikisana nawo. Choncho mabanala onse akhale okonzeka kaye, kenako apachikidwe sabata imodzi, nthawi yomweyo mabotolo a mapepala atsopano akufika pabenchi. Kwa miyezi yoyambirira, kapepala kakang'ono pabenchi konena kuti katundu ndi yemwe uja, changosintha n'chizindikiro, kamathandiza kuposa kusiya banala lakale.

Chenjezo lomaliza ndi la maejenti ndi ogulitsa katundu wa makampani ena, monga a ndalama za pafoni, zakumwa, mbewu ndi feteleza. Zonse zanenedwazi ndi za munthu amene chizindikiro ndi chake. Banala lomwe kampani idapereka lili ndi chizindikiro cha kampaniyo, ndipo ikasintha, si udindo wa ejenti kukatenga chithunzi pa intaneti n'kudzisindikizira chigamba. Mtundu ukaphonyeka kapena chizindikiro chikapotoka, kashopu kovomerezeka kamaoneka ngati ka akathyali. Ejenti afunse woimira kampani amene amamuyendera kuti zatsopano zibwera liti, ndiponso ngati zakale zibwezedwe kapena zichotsedwe.

Mabanala atatu omwe adagwa mayeso aja nawo sapita kudzala. Akatembenuzidwa, zolemba n'kuyang'ana pansi, amafunda katundu nthawi ya mvula kapena kuyanikirapo mtedza. Chofunika n'chakuti chizindikiro chakale chisaonekenso pamalo ogulitsira, chifukwa wogula amakhulupirira zomwe waona, osati zomwe mwini bizinesi adakonza kudzachita mwezi wamawa.